MITUNDU ITATU YA MSONKHO, NDI MUYESO WA CILUNGAMO CACE

Anthu awiri akapereka msonkho, wina K200 ndi mnzace K200, ambiri aganiza kuti awiriwo asenza katundu wofanana. Ndiponso wina akapereka K200 ndi mnzace K4,000, ambiri aganiza kuti waciwiriyo ndiye wapsinjika. Maganizo onse awiriwa angathe kusokeretsa munthu, pakuti kulemera kwa msonkho sikudziwika ndi ndarama zimene zaperekedwa zokha ai. Kudziwika poyerekeza ndaramazo ndi zonse zimene woperekayo apata. Mtolo wa nkhuni umene bambo aunyamula ndi dzanja limodzi ungathe kuthyola khosi la mwana, cinkana mtolowo uli womwewo.

Cifukwa cace akatswiri a za cuma, pofuna kudziwa mtundu wa msonkho, afunsa funso limodzi: kodi pa K100 iri yonse imene munthu apata, msonkho utengapo zingati? Yankho lace licedwa gawo la msonkho. Atapeza gawo la wosauka, la wapakati ndi la wolemera, aona ngati gawolo litsika, kapena likhala cimodzimodzi, kapena likwera. Ngati litsika pamene cuma cikula, umenewo ndiwo msonkho wotsika. Ngati silisintha, ndiwo msonkho wolingana. Ngati likwera pamodzi ndi cuma, ndiwo msonkho wokwera.

Kuti izi zimveke bwino, phunziro lino litsata anthu atatu ongoyerekeza. Woyamba ndiye mlonda, wolandira K2,000 pa mwezi. Waciwiri ndiye kalaliki, wolandira K8,000. Wacitatu ndiye mkuru wa kampani, wolandira K40,000. Wowerenga asunge ici mumtima, kuti msonkho usanacotsedwe mkuru wa kampani apata kuposa mlonda kakhumi kawiri, ndiye kuti ka 20.

MSONKHO WOTSIKA

Msonkho wotsika wodziwika koposa ndiwo msonkho wa mutu, umene munthu wamkuru ali yense apereka ndarama zofanana. Boma likanena kuti yense apereke K200 pa mwezi, mlonda ataya K10 pa K100 iri yonse ya malipiro ace. Kalaliki ataya K2.50 pa K100, ndipo mkuru wa kampani ataya 50 ngwee zokha. Ndarama ziri zofanana, koma gawo latsika kucokera pa 10 kufikira pa theka. Msonkho utacotsedwa mlonda atsala ndi K1,800, mkuru uja atsala ndi K39,800, ndipo tsopano aposa mlonda ka 22. Mpata wa pakati pao wakula.

Dziko lino liudziwa bwino msonkho wotere. Pa ciyambi ca zaka za m'ma 1900, kampani ya British South Africa, imene inali kulamulira dziko masiku ajawo, inaika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu ku cigawo ca kum'mawa, ndipo pambuyo pace msonkhowo unasanduka wa mutu wa mwamuna wamkuru ali yense. Unali wokondweretsa okhometsa cifukwa ca kusabvuta kwace: panalibe kufunsa kuti munthu wakolola zingati kapena wagulitsa ciani, koma kungowerenga nyumba ndi maina m'kaundula wa mudzi. Koma popeza unafunika kuperekedwa ndi ndarama, osati ndi cimanga kapena nkhuku, mwamuna wa kumudzi wopanda kogulitsa zokolola zace analibe njira yina koma kusiya banja ndi kukagwira nchito ku migodi ndi ku mapulazi akutali.

Mu 1935 Boma la Northern Rhodesia linayesa kukonza kusalingana kumeneku. Linatsitsa msonkho m'maboma akutali kumene ndarama zinali zosowa, nilikweza wa ku migodi ya mkuwa kucokera pa 12s. 6d. kufikira pa 15s. Ganizo lakuti opata ndarama apereke koposa osapata silinali loipa. Koma msonkhowo unakhalabe wa mutu: wogwira nchito wa malipiro ocepetsetsa ndi kapitao wa malipiro abwino anayenera kupereka cimodzimodzi, pakuti muyeso unali malo amene munthu akhala, osati zimene alandira. Anchito anali nazo kale zodandaula zina, za malipiro, za cakudya ndi za makhalidwe a owayang'anira, ndipo mbiri ya msonkho inawagwera mwadzidzidzi. M'mwezi wa May caka comweco anakana nchito ku Mufulira, kenaka ku Nkana ndi ku Luanshya. Ku Luanshya apolisi anaombera khamu la anthu, nafa anchito asanu ndi mmodzi.

Ku Britain nakonso kunacitika zonga zomwezi masiku a pafupi. Boma la Margaret Thatcher linaika msonkho wa mutu wolipirira nchito za makhonsolo, ku Scotland mu 1989 ndi ku England ndi Wales mu 1990. Anthu okhala m'dera la khonsolo imodzi anayenera kupereka zofanana, mwini nyumba yaikuru ndi wosesa mseu yemwe, kupatula ocepekedwa kwambiri ndi ophunzira amene anawacepetsera. Anthu miyandamiyanda anakana kulipira, ndipo pa 31 March 1990 panabuka cipolowe cacikuru mu London. Thatcher anatula pansi udindo m'mwezi wa November caka comweco, msonkho wa mutu uli cimodzi ca zimene zinamgwetsa. Mu 1993 unalowedwa m'malo ndi msonkho woyang'ana mtengo wa nyumba imene munthu akhalamo.

MSONKHO WOLINGANA

Pa msonkho wolingana yense apereka gawo limodzimodzi la zimene apata. Cakhumi ndico citsanzo cace cakale cimene anthu ambiri acidziwa: wokolola matumba khumi apereka limodzi, wokolola matumba zana apereka khumi. Boma likatenga K10 pa K100 iri yonse, mlonda apereka K200, kalaliki K800, mkuru wa kampani K4,000. Mlonda atsala ndi K1,800 ndipo mkuru atsala ndi K36,000, kumene kuli kuposa mlonda ka 20, monga poyamba paja. Msonkho wolingana sukuza mpata, ndiponso suucepetsa. Uwasiya anthu monga unawapeza.

Ubwino wace ndi wakuti uli wosabvuta kuuwerenga, ndipo munthu wolemera sapindula kanthu pogawa cuma cace m'maina a mkazi ndi ana, popeza gawo liri lomwelo pali ponse. Dziko la Estonia linayamba kukhometsa msonkho wa malipiro wa gawo limodzi mu 1994, pa 26 pa 100, ndipo maiko ena a kum'mawa kwa Ulaya analitsatira.

Koma otsutsa aloza pa mlonda uja. K200 imene iye apereka icokera pa ufa, pa makala ndi pa lendi ya nyumba. K4,000 imene mkuru wa kampani apereka icokera pa ndarama zimene akadasunga ku banki, kapena kugulira zinthu zosasowa kwenikweni. Banja la matumba khumi a cimanga likapereka limodzi, njala iligwira mwezi wathunthu zokolola zatsopano zisanace. Banja la matumba zana likapereka khumi, ana ace adya nsima monga mwa masiku onse. Gawo liri lofanana, koma kuwawa kwace kuli kosiyana. Ndico cifukwa cace ngakhale maiko a msonkho wa gawo limodzi kawirikawiri asiya ndarama zoyamba za munthu osazikhometsa. Akatero, msonkho wao suli wolingana kwenikweni, pakuti wopata pang'ono sapereka kanthu, ndipo gawo likwera pang'onopang'ono kufikira liyandikira muyeso woikikawo.

MSONKHO WOKWERA

Msonkho wa pa malipiro m'Zambia, umene ulembedwa PAYE pa pepala la malipiro, uli wa mtundu wokwera. Wolemba nchito aucotsa mwezi ndi mwezi, nautumiza ku Zambia Revenue Authority, bungwe lotolera misonkho limene linakhazikitsidwa mu 1994. Malipiro a mwezi agawidwa monga makwerero, ndipo khwerero liri lonse liri ndi muyeso wace. M'caka ca 2024 makwererowo anali otere:

K5,100 yoyamba: palibe msonkho.
Zopyola K5,100 kufikira K7,100: 20 pa 100.
Zopyola K7,100 kufikira K9,200: 30 pa 100.
Zonse zopyola K9,200: 37 pa 100.

Miyeso iyi Boma lingathe kuisintha caka ciri conse polengeza bajeti, koma kawerengedwe kace kakhala komweko. Mlonda wa K2,000 safika ndi pa mapeto a khwerero loyamba pomwe, cotero sapereka kanthu. Kalaliki wa K8,000 sapereka kanthu pa K5,100 yoyamba. Pa K2,000 yotsatira apereka K400. Zotsala ndi K900, zimene zigwera pa khwerero lacitatu, ndipo pa izo apereka K270. Zonse pamodzi ndi K670, ndiko kuti K8 ndi ngwee zina pa K100 iri yonse.

Mkuru wa kampani ayamba cimodzimodzi. Nayenso sapereka kanthu pa K5,100 yoyamba, napereka K400 pa khwerero laciwiri ndi K630 pa lacitatu. Pamwamba pa K9,200 patsala K30,800, ndipo 37 pa 100 ya ndarama izi ndi K11,396. Msonkho wace wonse ndi K12,426, pafupifupi K31 pa K100 iri yonse. Atsala ndi K27,574, pamene mlonda atsala ndi K2,000 yace yonse. Mkuru uja aposa mlonda pafupifupi ka 14 tsopano, osatinso ka 20. Akali wolemera koposa, koma mpata wacepa. Zopereka za penshoni ndi za inshuwalansi ya cipatala sizinawerengedwe m'masamu awa.

Pali kusokonezeka kumodzi kumene kugwira anchito ambiri. Munthu wolandira K7,100 akamva kuti amuonjezera K100, nthawi zina acita mantha, poganiza kuti walowa pa khwerero la 30 pa 100 ndipo malipiro ace onse adzakhometsedwa pa muyeso umenewo. Siziri conco ai. Muyeso wapamwamba ugwira ndarama zokhazo zimene zapyola malire. Pa K7,100 msonkho unali K400. Pa K7,200 uli K430. Pa K100 yoonjezedwayo Boma latenga K30, mwini wace watsala ndi K70. Palibe munthu amene atsala ndi zocepa cifukwa cakuti malipiro ace apyola khwerero.

Cotero munthu ali yense wokhometsedwa msonkho wokwera ali ndi miyeso iwiri, ndipo siyenera kusakanizidwa. Woyamba ndiwo muyeso wa pa kwaca yomariza, umene kwa kalaliki uja uli 30 pa 100. Waciwiri ndiwo gawo la pa malipiro onse, limene kwa iye liri 8 pa 100. Muyeso woyamba ndiwo umene munthu auganizira pofunsa ngati kugwira maola oonjezera kuli ndi phindu. Waciwiri ndiwo umene uyenera kuyang'anidwa poweruza ngati katundu wagawidwa molungama.

MSONKHO WOBISIKA M'MTENGO WA ZINTHU

Wina angaganize kuti mlonda uja, popeza pepala lace la malipiro silionetsa msonkho, sathandiza Boma ndi kanthu komwe. Koma iye akhoma msonkho pafupifupi tsiku liri lonse m'sitolo. Msonkho wa pa malonda wochedwa VAT unayamba m'Zambia mu 1995, ndipo mu 2008 muyeso wace unaikidwa pa 16 pa 100. Uonjezedwa pa mtengo wa cinthu, kotero kuti munthu akalipira K116, K100 ndiyo mtengo weniweni ndipo K16 ndiyo ya Boma.

Poyamba msonkho uwu uoneka ngati wolingana, pakuti wosauka ndi wolemera alipira 16 pa 100 yomweyo pa sopo wofanana. Koma muyeso wa phunziro lino suli mtengo wa sopo. Uli zonse zimene wogulayo apata. Wosauka amamwaza ndarama zace zonse mwezi usanathe, pamene wolemera asunga gawo lalikuru, ndipo ndarama zosungidwa sizikhoma VAT kufikira tsiku limene zidzagula kanthu. Mlonda akagula zinthu zokhometsedwa za K1,160 pa mwezi, monga sopo, shuga, zobvala ndi nsapato za ana, msonkho wa m'katimo uli K160, ndiko kuti K8 pa K100 ya malipiro ace. Kalaliki akagula za K3,480 apereka K480, ndiko kuti K6 pa K100. Mkuru wa kampani akagula za K11,600 apereka K1,600, zimene ziri kakhumi kuposa za mlonda, koma ziri K4 yokha pa K100 ya malipiro ace. Gawo latsika: 8, 6, 4. Msonkho umene unaoneka wolingana wapezeka kuti uli wotsika.

Pofuna kupeputsa katundu ameneyu, maboma ambiri amasula zakudya zofunika koposa ku msonkho wa pa malonda, monga Zambia amasula ufa wa nsima. Thandizo ili liri loona, koma liri ndi malire awiri. Coyamba, wolemera nayenso agula ufa, ndipo kumasulako kumpindulira iyenso, cinkana sanasowe thandizo. Caciwiri, thumba la ufa lafika pa msika pa lole imene inamwa mafuta okhometsedwa, ndipo mwini lole waika msonkho umenewo m'mtengo wa ulendo. Iyi ndiyo mfundo yofunika pa misonkho yonse: amene atumiza ndarama ku Boma sali nthawi zonse amene asenza katundu. Mwini sitolo ndiye atumiza VAT, koma wolipira weniweni ndiye wogula.

Cifukwa cace msonkho umodzi suyenera kuweruzidwa pa wokha. Misonkho iwiri ija ikaphatikizidwa, mlonda apereka K160, ndiko kuti 8 pa 100. Kalaliki apereka K1,150, ndiko kuti 14 pa 100. Mkuru wa kampani apereka K14,026, ndiko kuti 35 pa 100. Yonse pamodzi ikali yokwera, koma kukwera kwace sikuli kwakukuru monga pepala la malipiro lokha lionetsera, ndipo wa pansi sayamba wopanda katundu.

MIYESO YA CILUNGAMO

Masamu angathe kunena mtundu wa msonkho, koma sangathe kunena kuti wolungama ndi uti. Pamenepo pafunika muyeso wina, ndipo anthu agwiritsa miyeso iwiri yaikuru.

Woyamba unena kuti munthu apereke monga mwa phindu limene alandira kwa Boma. Woyendetsa galimoto pa mseu wa tara alipire pa cipata ca mseu, ndipo woyenda pansi kumudzi asalipire. Muyeso uwu ugwira bwino pamene phindu lioneka ndi kuwerengeka. Ocirikiza msonkho wa mutu ku Britain anatsamira pa muyeso womwewu, ponena kuti yense amene zinyalala zace zitoledwa ndi khonsolo ayenera kulipirako. Koma muyesowu ulephera pa zinthu zikuruzikuru. Palibe angathe kuyesa phindu limene munthu mmodzi alandira ku mabwalo a milandu kapena kwa asilikali. Ndiponso ukatsatidwa pa sukulu ndi pa cipatala, banja losauka la ana ambiri ndi matenda ambiri likadalipira koposa onse, ndipo colinga ca sukulu ndi cipatala ca Boma cikadafa.

Waciwiri unena kuti munthu apereke monga mwa mphamvu zace. Adam Smith, wa ku Scotland, analemba mu 1776 kuti nzika ziyenera kuthandiza Boma molingana ndi kukhoza kwao, ndipo ganizo limeneli ndilo maziko a misonkho ya malipiro m'maiko ambiri. Liri ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yakuti anthu opata zofanana apereke zofanana. Yaciwiri ndi yakuti opata zosiyana apereke zosiyana.

Mbali yoyamba ioneka yosabvuta, koma pamenepo ndipo cilungamo cipunthwa kawirikawiri. Kalaliki wa K8,000 sangathe kubisa ngwee ndi imodzi yomwe, pakuti msonkho ucotsedwa ndarama zisanafike m'manja mwace. Mnansi wace wocita malonda, amene apindula K8,000 yomweyo pa mwezi koma salemba mabuku, angathe kupereka zocepa kwambiri. M'dziko limene anchito olembedwa m'mabuku ali ocepa poyerekeza ndi odzigwirira okha nchito, katundu wa msonkho wa malipiro agwera pa mapewa owerengeka. Palinso funso lakuti kufanana nkutani. Mbeta ya K8,000 ndi bambo wa K8,000 wolera ana asanu ndi amasiye awiri alandira zofanana, koma mphamvu zao zoperekera sizifanana. Maiko ena acepetsera msonkho olera ana, ena ayang'ana malipiro okha.

Mbali yaciwiri ndiyo imene ibala mikangano yaikuru. Onse abvomereza kuti wolemera apereke ndarama zambiri, ndipo msonkho wolingana ukwaniritsa kale zimenezi. Funso ndi lakuti kodi apereke gawo lalikuru? Ocirikiza msonkho wokwera ayankha kuti cimene ciyenera kufanana ndico kuwawa kwa kupereka. Kwaca yoyamba ya munthu igula cakudya, yotsatira igula zobvala ndi mabuku a ana, ndipo yomariza ya munthu wa zikwi zambiri igula cinthu cimene akadakhala bwino wopanda ico. Kutenga pa kwaca yomariza kuwawa pang'ono kuposa kutenga pa yoyamba. Aonjeza kuti mwini katundu wambiri ndiye apindula koposa ndi mtendere, miseu, ndi malamulo osunga mapangano. Otsutsa ayankha kuti palibe sikelo yoyesera kuwawa kwa mumtima wa munthu, kuti lamulo liyenera kucitira onse cimodzimodzi, ndi kuti gawo likaloledwa kusiyana palibe mfundo yonena pamene liyenera kulekezera. Pa funso ili anthu oona mtima asiyana maganizo, ndipo m'dziko la ufulu liweruzidwa pa masankho ndi m'Nyumba ya Malamulo.

PAMENE MSONKHO WOKWERA ULAKWIKA

Msonkho wokwera ungathe kuonongeka m'njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndiyo kukwera kopambanitsa. Ku Britain m'zaka za 1974 kufikira 1979 muyeso wapamwamba unali 83 pa 100 pa malipiro a nchito, ndi 98 pa 100 pa phindu la cuma cosungidwa. Ocepa okha ndiwo anaperekadi zotere. Ambiri anapeza njira zololedwa ndi lamulo zolandirira mphotho yao m'maonekedwe ena, monga galimoto ya kampani, ndipo ena anasamukira ku maiko ena. Mu 1979 muyeso wa pa malipiro unatsitsidwa kufika pa 60, ndipo mu 1988 pa 40. Muyeso waukuru wolembedwa m'buku la malamulo suli umboni wakuti olemera alipira kwambiri. Umboni weniweni ndiwo ndarama zimene zalowadi mosungira cuma ca Boma, poyerekeza ndi zonse zimene anthuwo apata.

Njira yaciwiri iri yacete, ndipo igwira apansi. Mitengo ya zinthu ikakwera, ndipo malipiro akwezedwa kuti alingane nayo, munthu sanalemere konse. Koma ngati makwerero a msonkho akhala pomwepo, iye akankhidwira pa khwerero lapamwamba. Munthu wa K5,000 sanali kupereka kanthu. Mitengo itakwera ndi 10 pa 100, malipiro ace nakwera kufika K5,500, agula zomwezo zimene anali kugula kale, koma tsopano apereka K80 pa K400 imene yapyola malire. Msonkho wace wakwera popanda lamulo latsopano liri lonse. Cizindikiro ca bvuto ili ndi malire a khwerero loyamba amene akhala osasunthika zaka zingapo pamene mtengo wa ufa ndi lendi zikwera.

Cotero munthu akamva pa wailesi kuti Boma laika msonkho watsopano, kapena lasintha wakale, ali ndi njira yodziweruzira yekha. Ayambe wafunsa kuti katunduyo adzagwera yani potsiriza, wotumiza ndarama kapena wogula. Kenaka atenge anthu atatu, wa pansi, wa pakati ndi wa pamwamba, nawerenge zimene yense adzapereka pa K100 iri yonse imene apata. Potsiriza aike msonkhowo pamodzi ndi misonkho yina yonse, ndi kufunsanso kuti ndaramazo zidzagwira nchito yanji, pakuti msonkho wotsika umene ulipirira mankhwala pa cipatala ca kumudzi ungathe kubwezera wosauka zoposa zimene unamtengera, ndipo msonkho wokwera umene umwazidwa pa zokomera olemera okha sumthandiza iye kanthu.

MAFUNSO OYESERA

1. Mai wina wogwira nchito m'sitolo analandira K6,100 pa mwezi mu 2024. Kodi anapereka PAYE yotani? Nanga muyeso wace wa pa kwaca yomariza unali uti, ndipo gawo lace la pa malipiro onse linali lotani?

2. Khonsolo yina ifuna kukhometsa K50 pa mwezi pa tebulo liri lonse la pa msika. Mai wogulitsa tomato apindula K500 pa mwezi, ndipo wogulitsa nyama apindula K5,000. Kodi msonkho uwu uli wa mtundu uti?

3. Kodi kusintha kwa msonkho kwa mu 1935 kunakonza ciani, ndipo kunasiya ciani cosakonzeka?

Mayankho a masamu: Pa funso loyamba msonkho uli K200, muyeso wa pa kwaca yomariza uli 20 pa 100, ndipo gawo la pa malipiro onse liri 3 pa 100 ndi kacigawo pang'ono. Pa funso laciwiri wa tomato apereka 10 pa 100, wa nyama 1 pa 100, cotero msonkhowo uli wotsika.